Kalendala ya nkhani za sabata ndi sabata: yambirani pa tsiku lotulutsa, muziwerenga chobwerera m'mbuyo

Anthu ambiri akamapanga kalendala ya nkhani amalemba zinthu ziwiri zokha: tsiku limene nkhani idzatuluke ndi mutu wake. Kalendala yotere imaoneka bwino tsiku loyamba, koma sichedwa kufa, chifukwa simakuuzani chimene muyenera kugwira lero. Imangokukumbutsani kuti Lachinayi likubwera, chinthu chimene mukuchidziwa kale. Kalendala yothandiza ndi imene ili ndi masiku a ntchito yonse imene imachitika nkhani isanatuluke, komanso imene inakonzekeratu za sabata limene zinthu zidzasokonekere, chifukwa sabata lotero lidzafika ndithu.

Kuti zonse zimveke bwino, titsatira chitsanzo chimodzi mpaka kumapeto. Pali mlembi mmodzi amene amatulutsa nkhani imodzi Lachinayi lililonse, ndipo nkhani zake ndi za kasamalidwe ka njinga. Ali ndi mnzake amene amamuwerengera ndi kumukonzera zolakwika, yemwe pano tizimutcha mkonzi. Mlembiyu ali ndi ntchito ina, choncho nkhanizi amazipatsa maola 6 okha pa sabata. Kalendala yake ikhala ya miyezi itatu, kuyambira Epulo mpaka Juni 2026.

Musanalembe mutu uliwonse, werengani maola

Tengani nkhani zitatu zimene munalembapo, kapena lembani ziwiri zitatu mukuyang'ana wotchi, ndipo muone nthawi imene iliyonse yakudyerani. Muwerengere zonse, osati kulemba kokha. Nkhani yofotokoza kusintha tcheni cha njinga ikhoza kutenga maola awiri kufufuza ndi kuyeserera, atatu kulemba, ola limodzi ndi theka kujambula ndi kukonza zithunzi, ola limodzi kukonza zimene mkonzi wapeza, ndi theka la ola kuilowetsa pamalo potulutsira n'kuiyang'ananso. Pamodzi ndi maola 8. Munthu amene ali ndi maola 6 pa sabata akakonza zoti azitulutsa nkhani yotereyi sabata lililonse, ndiye kuti akulowa ngongole ya maola awiri sabata ndi sabata. Mwezi ukamatha ngongoleyo yakwana nkhani yathunthu, ndipo mpamene amayamba kudumphitsa Lachinayi n'kumadziona ngati waulesi, chonsecho vuto linali masamu.

Njira yake ndi kugawa nkhani m'magulu atatu potengera kulemera kwake. Yolemera ndi imene imafuna kufunsa munthu wina, kuyesa zipangizo kapena zithunzi zambiri, ndipo tinene kuti imadya maola 9. Yapakati ndi malangizo a ntchito imodzi imene mlembi amaidziwa kale, maola 6. Yopepuka ndi yankho la funso limodzi lalifupi, monga kuchuluka kwa mpweya woyenera m'tayala, maola atatu. Mukazisanja motere pa masabata anayi: yolemera, yopepuka, yapakati, yopepuka, zimakwana maola 21. Mlembi wathu ali ndi maola 24 pa masabata anayiwo. Maola atatu otsalawo musawadzaze ndi mutu wina wa pa kalendala. Ali ndi ntchito yake, imene tiiona tikafika pa za nkhokwe.

Manambala anu akhoza kusiyana ndi awa. Chofunika n'chakuti akhale oyezedwa, osati ongoganizira, chifukwa pafupifupi aliyense akafunsidwa kuti nkhani imamutengera nthawi yaitali bwanji amatchula nthawi yolemba yokha, n'kuiwala zithunzi ndi kukonza.

Tsiku lotulutsa ndi masiku obwerera m'mbuyo

Sankhani tsiku limodzi pa sabata ndipo lisamasinthe. Musavutike kwambiri ndi funso lakuti anthu amawerenga kwambiri tsiku liti. Kwa munthu wotulutsa kamodzi pa sabata, funso lopindulitsa ndi lakuti: kodi masiku awiri a m'mbuyo mwa tsikulo amakhala otani kwa inu? Lolemba ndi tsiku lovuta kwa amene amadalira mkonzi, chifukwa chilichonse chikavuta chimavuta Loweruka kapena Lamlungu, pamene mnzanuyo sapezeka. Lachinayi lili ndi ubwino wakuti lisanafike pali masiku atatu a ntchito okonzera chimene chalakwika.

Tsopano yambani kubwerera m'mbuyo kuchokera pa Lachinayilo. Nkhani ikhale italowetsedwa pamalo potulutsira, zithunzi zili m'malo mwake ndipo nthawi yotuluka yatcheredwa, pofika Lachiwiri, masiku awiri lisanafike tsikulo. Kuti zimenezi zitheke, mkonzi abweze nkhaniyo Lachisanu la sabata lapitalo, masiku 6 m'mbuyo, kuti mlembi akhale ndi nthawi yokonza. Mkonzi naye ndi munthu wa zochita zake, ndiye mpatseni masiku anayi: alandire nkhani Lolemba, masiku 10 m'mbuyo. Kufufuza ndi kulemba kumafuna sabata lathunthu, choncho ntchito iyambe Lolemba linalo, masiku 17 m'mbuyo.

Pa nkhani yoyamba, ya Lachinayi pa 2 Epulo 2026, ndiye kuti ntchito iyamba pa 16 Malichi, kulemba kuthe pa 23 Malichi, mkonzi abweze pa 27 Malichi, ndipo ilowetsedwe pa 31 Malichi.

Apa pali chinthu chimene chimadabwitsa oyamba kumene. Popeza nkhani iliyonse imayenda masiku 17 pamene nkhani zikutuluka masiku 7 aliwonse, sabata lililonse mumakhala ndi nkhani zitatu m'manja. Ina mukuilemba, ina ili kwa mkonzi, ina mukuimalizitsa kuti ituluke. Sikuti ntchito yachuluka katatu ayi, maola ndi omwe aja, kungoti agawika pa nkhani zitatu. Koma mutu wa munthu sungasunge bwinobwino kuti iyi ili pati, iyo ili pati, ndipo n'chifukwa chake kalendala ikufunika.

Kumanga tebulo

Kope ndi cholembera zimakwanira ngati muli nokha. Ngati pali mkonzi, tebulo la pa kompyuta limene nonse mungalitsegule ndi labwino koposa. Malangizo otsatirawa ndi a Google Sheets, koma mafomula ake amagwiranso mu Excel. Mapulogalamu akuluakulu oyendetsera ntchito za gulu si ofunika pa nkhani imodzi pa sabata. Nthawi yowasamalira imaposa phindu lake.

Pa mzere woyamba lembani mitu ya madanga 8. Anayi oyambirira ndi a masiku: A ndi "Kutuluka", B ndi "Kuyamba", C ndi "Kulemba kuthe", D ndi "Mkonzi abweze". Anayi otsatira ndi a nkhaniyo: E ndi "Mutu", F ndi "Kulemera", G ndi "Ili pati", H ndi "Chotsatira". Masiku onse akhale kumanzere, za nkhani zonse kumanja. Kasanjidwe aka kali ndi chifukwa chake, ndipo muchiona tsiku limene mudzafune kusuntha nkhani. Tsiku lolowetsa nkhani silifunika danga lakelake, popeza nthawi zonse ndi Lachiwiri la sabata lomwelo.

M'kabokosi A2 musalembe tsiku ndi manja monga 2/4/2026. Kompyuta ina imawerenga zimenezi ngati 2 Epulo, ina ngati 4 Febuluwale, malinga ndi dziko limene pulogalamuyo inatcheredwa. Lembani motere:

```
A2: =DATE(2026,4,2)
A3: =A2+7
B2: =A2-17
C2: =A2-10
D2: =A2-6
```

Kokerani A3 pansi mpaka mzere 14, ndipo B2, C2 ndi D2 muwakokerenso mpaka mzere womwewo. Mukhala ndi masabata 13, omaliza pa 25 Juni. Kabokosi kakaonetsa nambala ngati 46114 m'malo mwa tsiku, palibe chalakwika: pulogalamu imasunga masiku ngati manambala, ndipo mungosankha madangawo n'kupita pa Format, Number, Date. Fomula ikakanidwa, yesani kuika `;` pamene pali `,` chifukwa m'makonzedwe a mayiko ena ndi mmene zimalembedwera. Kuti mutsimikize kuti mwayambira pa tsiku loyenera, lembani `=WEEKDAY(A2)` m'kabokosi kopanda kanthu. Pa Lachinayi yankho ndi 5, chifukwa fomulayi imayamba kuwerenga Lamlungu ngati 1.

Bwanji masabata 13 osati chaka chonse? Chifukwa mitu imene mungaisankhe lero ya mwezi wachisanu ndi chinayi kutsogoloku mudzaipeza itazizira, ndipo kalendala yodzaza mitu imene simukuifunanso imagwetsa ulesi. Miyezi itatu ndi yokwanira kuona masiku apadera akubwera, komanso ndi yaifupi moti mukhoza kuikonza mutakhala pansi kamodzi. Ngati mukufunabe kuwerengera chaka chonse, musangoti masabata 52. Chaka cha 2026 chinayamba Lachinayi ndipo chikuthanso Lachinayi, choncho chili ndi masiku a Lachinayi 53.

Danga G ndi mtima wa tebuloli. Mawu ake akhale 6 okha ndipo asamasinthe kalembedwe: lingaliro, kufufuza, ikulembedwa, kwa mkonzi, yakonzeka, yatuluka. Sankhani G2 mpaka G14, pitani pa Data, Data validation, ndipo muike mawuwa ngati mndandanda wosankhapo. Mukalola aliyense kulemba zake, posachedwa mupezamo "yatsala pang'ono", mawu amene akhoza kutanthauza ola limodzi kapena masabata atatu. Mugwirizanenso tanthauzo la "yakonzeka": nkhani yakonzedwa, zithunzi zilimo, yalowetsedwa, ndipo ikhoza kutuluka popanda wina kuikhudzanso. Ngati kwatsala chithunzi chimodzi, sinakonzeke.

Danga H, la "Chotsatira", ndi limene anthu amalinyozera koma ndi limene limapulumutsa nthawi. Mmenemo mumalemba ntchito imodzi yeniyeni yotsatira, ndi dzina la woigwira ngati si inu. Osati "kupitiriza kulemba", koma "kujambula tcheni chakale ndi chatsopano zili pamodzi" kapena "kudikira yankho la makaniko, kumuimbiranso Lachitatu". Munthu wa maola 6 pa sabata nthawi zambiri amagwira ntchito pa mphindi makumi atatu apa, ola limodzi apo. Akakhala pansi asataye mphindi khumi kukumbukira pamene anasiyira.

Chomaliza pa tebuloli ndi chenjezo la mtundu. Sankhani A2 mpaka H14, pitani pa Format, Conditional formatting, sankhani Custom formula is, ndipo mulembe:

```
=AND($C2<TODAY(),OR($G2="lingaliro",$G2="kufufuza",$G2="ikulembedwa"))
```

Musankhe mtundu wofiira. Mzere uliwonse umene tsiku lake lomaliza kulemba ladutsa koma nkhani sinapite kwa mkonzi udzafiira wokha. Chizindikiro cha `$` musachisiye, apo ayi mtunduwo udzagwera m'tibokosi tosayenera. Mtundu umodziwu ndi wokwanira. Tebulo la mitundu isanu ndi umodzi limakongola, koma maso amalizolowera n'kusiya kuona chofunika.

Kudzaza mitu

Tsegulani tsamba lachiwiri m'fayilo yomweyo, mulitche "Malingaliro". Kumeneko muziponyako chilichonse chimene chabwera m'mutu, mafunso amene owerenga afunsa, zinthu zimene mwaona anthu akulakwitsa. Musanayambe kudzaza kalendala mukhale ndi malingaliro osachepera 20, chifukwa ena adzaoneka kuti ndi nkhani imodzi yomweyo, ena mudzapeza kuti simungawalembe.

Lingaliro lisalowe pa kalendala lisanasanduke mutu weniweni. "Mabuleki" si mutu. "Mabuleki akulira: zifukwa zitatu ndi mmene mungadziwire chimene chikuvuta" ndi mutu, chifukwa ukuonetsa pamene nkhani iyambire ndi pamene ithere, ndipo mukhoza kuyerekeza maola ake. Muyeso wosavuta ndi uwu: kodi mungathe kunena m'chiganizo chimodzi chimene wowerenga adzathe kuchita akamaliza kuwerenga? Ngati simungathe, lisiyeni pa tsamba la malingaliro lipse kaye. Mitu yosapsa ndi imene imafiiritsa mizere, popeza mlembi amathera sabata lake lolemba akufunafuna chimene akufuna kunena.

Yambani ndi mitu yomangika pa tsiku. Pa nkhani za njinga, pa 3 Juni ndi tsiku lokumbukira njinga padziko lonse, limene bungwe la United Nations linakhazikitsa mu 2018. Mu 2026 tsikuli likugwa Lachitatu. Mlembi wosayang'ana kalendala angaike nkhani yake pa Lachinayi loyandikira kwambiri, pa 4 Juni, n'kupezeka kuti watulutsa tsikulo litadutsa. Malo ake oyenera ndi pa 28 Meyi. Lamulo lake ndi lakuti nkhani ya tsiku lapadera imapita pa tsiku lotulutsa lomaliza tsikulo lisanafike, ngakhale patakhala masiku 6 pakati.

Kenako ikani zolemera, motalikirana masabata anayi: pa 2 Epulo, pa 30 Epulo, ndi pa 28 Meyi. Zolemera ziwiri zisatsatizane, ngakhale zonse zikukusangalatsani. Zapakati zipite pa 16 Epulo, 14 Meyi ndi 11 Juni, ndipo mipata yotsala idzazidwe ndi zopepuka. Masabata anayi oyamba a mlembi wathu akhoza kukhala motere: pa 2 Epulo, kuyerekeza mitundu itatu ya mafuta a tcheni atayesedwa, pa 9 Epulo, mpweya woyenera m'tayala ndi pamene nambala yake imalembedwa, pa 16 Epulo, kumata chubu kuti chigamba chisamatuke, pa 23 Epulo, kudziwa ngati chishalo chakwera kapena chatsika kwambiri. Yang'ananinso ngati nkhani ina ikudalira inzake. Nkhani yosintha tcheni izituluka pambuyo pa nkhani yodziwira kuti tcheni chatha, osati patsogolo pake.

Mzere womaliza, wa pa 25 Juni, musiye wopanda mutu. Si ulesi. Pa miyezi itatu nkhani ina idzasunthidwa, ndipo iyenera kukhala ndi kogwera.

Nkhani yodalira munthu wina imafuna chisamaliro chapadera, chifukwa nthawi ya munthuyo simuilamulira. Ya pa 28 Meyi tinene kuti ndi kucheza ndi makaniko wa njinga amene wagwira ntchitoyi zaka zambiri. Fomula ikuti iyambe pa 11 Meyi, koma pempho loti mucheze naye lipite masabata awiri m'mbuyo mwake, pa 27 Epulo. Pa mzere umenewu sinthani fomula ya danga B kuti ichotse 31 m'malo mwa 17.

Nkhokwe

Tsamba lachitatu mulitche "Nkhokwe". Mmenemo mumasunga mitu ya nkhani zomalizidwa kotheratu zimene zilibe tsiku: danga A mutu, danga B mawu akuti "yakonzeka", danga C tsiku limene inamalizidwa. Zitatu n'zokwanira. Imodzi yokha imatha ndi chimfine chimodzi, ndipo zoposa zinayi zimayamba kukalamba zisanatuluke. Pamwamba pa kalendala, chakumanja, ikani kabokosi kowerengera:

```
=COUNTIF(Nkhokwe!B:B,"yakonzeka")
```

Nkhani ya m'nkhokwe ikhale yosatha ntchito msanga. Isatchule mitengo ya zinthu, nyengo imene ilipo kapena mawu ngati "sabata latha". "Zida zisanu zoyenera kuyenda nazo pa ulendo wautali wa njinga" ikhoza kutuluka mwezi uliwonse. Ikhalenso yopepuka, kuti kubweza imene mwatenga kusakhale chintchito.

Chimene ambiri sachiona ndi chakuti nkhokwe siidzaza yokha. Mukamalemba nkhani imodzi pa sabata n'kumatulutsanso imodzi, nkhokwe ikhala yopanda kanthu mpaka kalekale, ngakhale mutalimbikira chotani. Pali njira ziwiri zokha. Ngati simunayambe kutulutsa, lembani nkhani zitatu zopepuka musanalengeze tsiku loyamba. Kwa mlembi wathu amenewo ndi maola 9, sabata limodzi ndi theka, choncho ayambe kumayambiriro kwa Malichi osati pa 16. Ngati munayamba kale, apa mpamene maola atatu otsala aja amagwira ntchito: masabata anayi aliwonse mulembe yopepuka imodzi yowonjezera, ndipo pakatha masabata 12 nkhokwe yadzaza.

Sabata likasokonekera

Lachisanu lililonse, patulani mphindi 15 zoyang'ana tebulo. Sinthani danga G kuti linene zoona, lembani chotsatira cha nkhani zitatu zimene zili m'manja, ndipo muyang'ane masabata atatu akutsogolo. Tiyeni tione mmene zimathandizira.

Lachisanu pa 15 Meyi, mlembi akupeza kuti makaniko uja walephera kawiri kukumana naye, pamene kulemba kuyenera kutha Lolemba pa 18. N'zoonekeratu kuti sizitheka, ndipo Lachiwiri mzerewo ufiira. Komabe pakadali masiku 13 nkhani isanatuluke, ndiye palibe chifukwa chothamanga. Chofunika ndi kuika malire. M'danga H alembe kuti ngati kucheza sikuchitika pofika Lachisanu pa 22 Meyi, nkhaniyo ichoka pa 28 Meyi. Auzenso mkonzi tsiku lomwelo kuti ngati nkhaniyo ibwera, ibwera mochedwa ndipo adzakhala ndi tsiku limodzi lokha. Mkonzi wouzidwiratu amapeza mpata. Wodzidzimutsidwa Lachitatu usiku amawerenga mothamanga kapena amakana.

Pa 22 Meyi makaniko sanapezekebe. Mlembi atenga nkhani imodzi m'nkhokwe n'kuiika pa 28 Meyi, ndipo ngati akufuna awonjezere chiganizo chimodzi chotchula za pa 3 Juni. Nkhani ya makaniko ipita pa mzere wopanda kanthu uja wa pa 25 Juni, mutu wake utasinthidwa kuti usadalirenso tsiku lapaderalo. Kabokosi ka nkhokwe katsika kufika pa 2, ndipo maola atatu otsala a masabata anayi otsatira apita kobweza imene yatengedwayo. Owerenga saona chilichonse.

Posuntha nkhani, dulani ndi kumata madanga E mpaka H okha. Madanga a masiku musawakhudze. Mukasuntha mzere wonse, kapena mukasanja tebulo ndi lamulo la Sort, mafomula a `+7` amasokonekera chifukwa lililonse limadalira kabokosi ka pamwamba pake, ndipo mudzaona masiku obwerezabwereza kapena `#REF!`. Ichi ndiye chifukwa chosanjira masiku kumanzere, nkhani kumanja. Kumbukiraninso kuti fomula yochotsa 31 ija yatsala pa mzere wa 28 Meyi. Ibwezereni pa 17. Amene akufuna kuthana ndi vuto la `+7` lija kotheratu akhoza kukopera danga A lonse n'kulimata pomwepo ngati manambala okha, zimene mu Google Sheets zimachitika ndi Ctrl+Shift+V.

Chimene simuyenera kuchita ndi kukankhira nkhani zonse kutsogolo ndi sabata limodzi. Zimaoneka zophweka, koma nkhani zomangika pa masiku zimachoka m'malo mwake, ndipo kasinthasintha wa zolemera ndi zopepuka amasokonekera. Komanso musatulutse nkhani ziwiri sabata lotsatira pofuna kulipira ngongole. Ngati Lachinayi lina ladumphidwa ndithu chifukwa nkhokwe inalibe kanthu, ladutsa basi. Nkhani yachiwiriyo iikeni m'nkhokwe.

Zimene tebulo limakuuzani pakapita nthawi

Pakatha mwezi umodzi kapena iwiri, tebulo limayamba kuonetsa pamene ntchito ikukakamira, ndipo vuto lililonse lili ndi maonekedwe ake.

Ngati mizere ikufiira kawirikawiri ili pa "ikulembedwa", yang'anani danga F. Zikakhala zolemera zokha zimene zikuchedwa, ndiye kuti maola 9 aja munachepetsa. Ziyezeninso, kapena nkhani yolemera muziigawa pawiri kuti ituluke masabata awiri. Zikakhala zonse, ngakhale zopepuka, ndiye kuti maola 6 pa sabata mulibe, ndipo ndi bwino kufupikitsa nkhani kusiyana ndi kumadzinamiza. Ngati nkhani zikukhalitsa pa "kufufuza", kawirikawiri vuto ndi mutu waukulu kwambiri kapena wosamveka.

Ngati zikuunjikana pa "kwa mkonzi", fomula yofiira ija siziona, chifukwa imangoyang'ana nkhani zimene sizinapite kwa mkonzi. Mukhoza kuwonjezera lamulo lachiwiri la mtundu womwewo, `=AND($D2<TODAY(),$G2="kwa mkonzi")`. Koma musanadandaule ndi mkonzi, onani ngati mukumupatsadi nkhani Lolemba. Nthawi zambiri masiku ake anayi amakhala atadyedwa kale ndi mlembi.

Nkhokwe ikatsika kufika pa imodzi kapena ikatheratu ndipo masabata anayi adutsa isanabwerere, chimenecho ndi chizindikiro chachikulu kuposa zonse. Chikusonyeza kuti mukudya mbewu. Mwezi wotsatira sandutsani nkhani yolemera kukhala yapakati, mupeze maola atatu ena obwezera. Muziyang'ananso danga C la m'nkhokwe: nkhani imene yakhalamo miyezi yoposa inayi iwerengeninso, muone ngati zonse zikadali zoona, ndipo muitulutse n'kuikamo yatsopano.

Pali kavuto kena kakang'ono kamene sikaoneka pa tebulo. Nkhani yotcheredwa kuti ituluke yokha imatsatira wotchi ya pamalo potulutsirapo, ndipo wotchiyo ikhoza kukhala pa nthawi ya dera lina, makamaka ngati simunaisinthepo chiyambire. Nkhani yofuna kutuluka m'mawa imatuluka masana, kapena usiku wa Lachitatu. Yang'anani makonzedwe a nthawi kamodzi poyamba, ndipo Lachinayi lililonse mutsegule nkhaniyo monga wowerenga musanasinthe danga G kukhala "yatuluka".

Kukonza miyezi itatu yotsatira

Musadikire mzere womaliza. Nkhani yoyamba ya Julayi ituluka Lachinayi pa 2, ndipo masiku 17 m'mbuyo mwake ndi pa 15 Juni. Choncho kalendala yatsopano ikhale itatha Lachisanu pa 12 Juni, kapena m'mbuyo mwake ngati nkhani yoyambayo ikudalira munthu wina. Patulani maola awiri, ndipo muwachotse pa maola otsala a mwezi umenewo. Kokerani mafomula pansi mizere ina 13, mpaka mzere 27, ndipo mukulitse malire a mndandanda wosankhapo ndi a lamulo la mtundu kuti afike pomwepo, chifukwa aja munawaika mpaka mzere 14. Mizere yakale musaifufute; ibiseni. M'danga H la nkhani iliyonse imene yatuluka muzilembamo maola amene inadya, kuti pokonza gawo lachiwirili manambala a 9, 6 ndi 3 aja alowedwe m'malo ndi anuanu.